Ana 13 analemba 26 pa kapepala kotulukira

Belu litatsala pang'ono kulira, ndinalemba samu imodzi pa bolodi: 52 − 38. Ndinagawa timapepala tating'ono tolingana ndi chikhatho, ndipo ndinauza ana kuti aliyense alembe dzina lake kumbuyo, asove samuyo kutsogolo, kenako andipatse pakhomo potuluka. Kapepalako ndiko kanali tikiti yawo yotulukira.

Anali ana a zaka 7 ndi 8, onse pamodzi 41, ndipo phunziro la tsikulo linali la kuchotsera kobwereka. Linayenda bwino, sindinama. Manja anali m'mwamba, ana amene anabwera ku bolodi anakhoza, ndipo nditafunsa kuti "Tamvana?" denga linachita kunjenjemera ndi "Eee, aphunzitsi!" Ndinkayembekezera kuti timapepalato tingotsimikiza zimene maso anga anaona kale.

## Milu ya pa tebulo

Ana atapita ndinakhala pansi n'kuyamba kusanja. Sindinachonge. Ndinkangoyang'ana yankho n'kuika kapepala pa mulu wa anzake olemba chimodzimodzi.

Yankho lolondola ndi 14, ndipo mulu wake unali ndi timapepala 19. Timapepala 5 tinali ndi 24. Kamodzi kanali ndi 90, kena 15, tiwiri tinalibe kanthu kupatula dzina. Koma mulu umene unandiimitsa mutu unali wa 26. Unkangokulirakulira mpaka unafika timapepala 13.

Poyamba ndinaganiza za kuonerana. Koma nditatembenuza timapepalato n'kuwerenga mayina, ndinapeza kuti eni ake amakhala motalikirana: wina kutsogolo, wina pafupi ndi zenera, ena kumbuyo kwenikweni. Ana 13 sangalote nambala imodzi mwangozi. Panali njira imene onsewa anatsata, ndipo anaitsata mokhulupirika.

Njirayo si yovuta kuipeza ukaika nambalazo ina pansi pa inzake. Kumbali ya mawani kuli 2 pamwamba, 8 pansi. Mwana akuona kuti 8 sangachoke mu 2, ndiye akungotembenuza: 8 − 2, wapeza 6. Kumbali ya mateni, 5 − 3, wapeza 2. Yankho 26. Palibe pamene wawerenga molakwa. Masamu ake ang'onoang'ono onse ndi olondola, lamulo limene akutsata ndilo lopotoka.

A 24 aja vuto lawo linali lina. Iwo anabwereka ndithu: 12 − 8, anapeza 4. Koma atapita ku mateni anaiwala kuti 5 uja wabwereketsa teni imodzi ndipo watsala 4, choncho anachita 5 − 3 n'kupeza 2. Anawa ali pafupi. Wa 90 anaphatikiza m'malo mochotsera. Wa 15 ndinaona timizere tambirimbiri m'mphepete mwa kapepala kake: anajambula 52, n'kumadula kamodzikamodzi, n'kuphonya kamodzi powerenga.

Ndikanachonga mwa nthawi zonse, ndikanalemba m'kaundula kuti 19 akhoza, 22 alakwa, basi. Koma 22 amenewo sanali gulu limodzi. Anali ana odwala mosiyana, ndipo mankhwala amodzi sakanawakwanira onse.

## "Simunati yaing'ono ndiyo imachoka?"

M'mawa mwake, ena asanakhazikike, ndinaitana mtsikana wina wa pa mulu wa 26. Ndi mwana wachete, wa kope laukhondo, amene sungamuganizire kuti pali chimene chamudutsa. Ndinamuonetsa kapepala kake.

"Tandiuza, unapeza bwanji 26?"

Anayang'ana kapepalako, n'kundiyang'ana, n'kuyang'ananso pansi. Ndinadikira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

"2 kuchotsa 8 sizitheka, aphunzitsi."

"Ndiye unatani?"

"Ndinachotsa 2 ku 8." Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Simunati yaing'ono ndiyo imachoka ku yaikulu?"

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu mpaka lero. Mwanayu sanali wosamvetsera. Anamvetsera kwambiri. Kuyambira pamene ana amaphunzira 7 − 3 ndi 9 − 4, chimene amaona tsiku ndi tsiku n'choti yaing'ono imachoka ku yaikulu, ndipo pa masamu a nambala imodzi lamulolo silinawagwetsepo. Akafika pa 57 − 23 limagwirabe ntchito, popeza 7 ndi wamkulu kuposa 3. Limadzathyoka tsiku limene ya pamwamba yachepa, koma mwana sadziwa kuti lathyoka, chifukwa yankho limatulukabe ndipo limaoneka ngati yankho.

Patapita nthawi ndinadzamva kuti zimenezi zinafufuzidwa kalekale. Mu 1978, John Seely Brown ndi Richard Burton anaonetsa kuti zolakwa zambiri za ana pochotsera sizichitika mwachisawawa. Mwana amakhala ndi ndondomeko yake imene ili ndi chilema pamalo amodzi, ndipo amaibwereza mosasintha. Kuchotsa yaing'ono ku yaikulu mosayang'ana imene ili pamwamba ndi chimodzi mwa zilema zofala kwambiri. Ukadziwa chilemacho, ukhoza kulosera yankho la mwana asanalembe. Ndinayesa: ndinamupatsa mtsikana uja 43 − 17, mumtima ndikuti alemba 34. Analembadi 34.

## Zimene tinachita ndi milu ija

Phunziro limene ndinakonzera tsikulo linali lopita patsogolo. Ndinalisiya kaye. Ana 19 mwa 41 safika ngakhale theka la kalasi, ndipo pamenepo palibe za kuthandiza ochepa padera: kalasi yonse iyenera kubwerera. Barak Rosenshine, polemba mfundo zake za kaphunzitsidwe mu 2012, ananena kuti aphunzitsi ochita bwino amafikitsa ana awo pa mayankho olondola pafupifupi 80 mwa 100 alionse pamene akuyeserera. Ine ndimagwiritsa ntchito muyezo umenewo ngati chingwe chongondithandiza kuganiza. Ana anayi mwa asanu alionse akakhoza, ndimapitirira, otsalawo n'kuwaona padera. Akachepera apo kwambiri, timabwerera tonse.

Kubwerera sikutanthauza kunena zadzulo zomwezo mokweza mawu. Ndinatulutsa timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Pa tebulo ndinaika mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kuitana mmodzi wa a 26.

"Ndipatse timitengo 8 kuchokera pa tapaderato."

"Tilipo tiwiri tokha, aphunzitsi."

"Koma pa tebulopa pali timitengo 52. Ukundimana 8?"

Kalasi inaseka. Mwanayo anaima kanthawi, kenako anatenga mtolo umodzi n'kumasula chingwe. Timitengo tapadera tinakhala 12, mitolo inatsala inayi. Ndinamuimitsa pomwepo, asanachotse kanthu, ndipo ndinafunsa kalasi kuti pa tebulo pali timitengo tingati tsopano. Ena anati 42, ena 62. Tinawerenga pamodzi: 52 yemweyo. Mphindi imeneyo ndiyo inali phunziro lonse. A 26 anaona kumene 12 amachokera, a 24 anaona ndi maso awo kuti mitolo yatsala inayi, osati isanu.

Wa 90 sanafunikire timitengo. Ndinangomuuza kuti aloze chizindikiro ndi chala n'kuchitchula asanayambe samu iliyonse. Awiri osalemba kanthu aja ndinawafunsa pawokha. Wina anati pensulo inathyoka. Winayo sanayankhe, ndipo nditamupatsa 12 − 8 anayamba kuwerenga zala n'kusokonezeka. Uyu vuto lake linali la kumbuyo kwambiri, ndipo kapepala kopanda kanthu ndiko kanamuulula.

## Funso ndilo limasenza zonse

Chimene chinasintha kwa ine kuchokera tsiku limenelo ndi nthawi imene ndimathera posankha funso. Kugawa mapepala n'kosavuta. Ntchito ili pa kupeza funso loti yankho lililonse lolakwa lizinena lokha kumene lachokera.

Tiyerekeze ndikanalemba 57 − 23. Pafupifupi onse akanapeza 34, kuphatikizapo 13 aja, chifukwa palibe pobwereka. Ndikanapita kunyumba wokondwa ndi mulu umodzi waukulu umene sukunena chilichonse za phunziro la tsikulo.

Pali msampha wina wobisika kuposa uwu. Taonani 72 − 37. Pali kubwereka, ndiye ikuoneka ngati samu yabwino. Yankho ndi 35. Mwana wotembenuza uja achita 7 − 2 n'kupeza 5, kenako 7 − 3 n'kupeza 4: walemba 45. Mwana woiwala kuchepetsa mateni achita 12 − 7 n'kupeza 5, kenako 7 − 3 n'kupeza 4: nayenso walemba 45. Ana awiri a mavuto osiyana agwera pa mulu umodzi, ndipo iwe sungawalekanitse. Izi zimachitika nthawi zonse pamene nambala yapansi ya ku mawani yaposa yapamwamba ndi 5. Choncho ndisanalembe samu pa bolodi, ndimaisova ndekha katatu pa kapepala: molondola, motembenuza, ndi moiwala kuchepetsa. Mayankho atatuwo akasiyana, samuyo ndi yoyenera.

Izi sizili ku masamu kokha. Ngati phunziro linali losiyanitsa b ndi d, kuuza ana kuti alembe chilembo chimene taphunzira lero sikuthandiza, poti chidakali pa bolodi. Ndimafufuta, n'kutchula mawu awiri afupiafupi, ena oyamba ndi b, ena ndi d, iwo n'kulemba chilembo choyamba cha mawu alionse. Wolemba d kawiri, wolemba b kawiri, ndi wosinthanitsa zonse ziwiri ndi ana atatu osiyana. Ngati linali la zamoyo ndi zopanda moyo, sindifunsa za galu ndi mwala, amenewo aliyense akhoza. Ndimaika chithunzi cha mtengo ndi cha galimoto, chifukwa ana aang'ono ambiri amaganiza kuti chamoyo ndi chimene chikuyenda. Wozunguliza galimoto n'kusiya mtengo wandiuza ndendende chimene chili m'mutu mwake.

Funso limodzi, akachuluka awiri. Ndaonapo matikiti a mafunso asanu ndi limodzi, otayipidwa bwino, okhala ndi timaluwa m'mphepete. Amenewo ndi mayeso ang'onoang'ono. Mwana wa zaka 6 sawamaliza belu lisanalire, ndipo mphunzitsi sawawerenga tsiku lomwelo.

## Nkhope zosekerera

Pali mtundu wa tikiti umene anzanga ambiri amaukonda: nkhope zitatu, yosekerera, yapakati ndi yokwinya, mwana azungulize imene ikusonyeza m'mene wamvera. Pena amagwiritsa ntchito chala chachikulu, m'mwamba kapena pansi. N'zokongola, ndipo ana amazikonda. Koma ine sindizikhulupirira.

Mtsikana uja akanazunguliza yosekerera, ndipo sakananama. Kwa iye samuyo inatheka, yankho linatuluka, panalibe pomuvuta. Mwana amene akutsata lamulo lopotoka ndi amene amakhala wotsimikiza kuposa onse. Komanso ana aang'ono amasankha nkhope yosekerera chifukwa amakonda aphunzitsi awo, kapena chifukwa mnzawo wa pambali wasankha yomweyo, kapena kungoti ndi yokoma kuiona. Nkhopezo zimandiuza m'mene mwana akumvera mumtima, zimene zili ndi ntchito yake. Sizindiuza ngati akudziwa kubwereka.

Pamene ndimazilola ndi pamene zili pansi pa funso lenileni. Zikatero zimapereka kanthu kena: mwana wolakwa koma wosekerera ndi amene ndimayamba naye, ndipo wokhoza koma wokwinya amangofunika kumuuza kuti njira yake ndi yolondola, asaope.

Chimodzimodzi funso lakuti "Lemba chimene waphunzira lero." Kwa ana akuluakulu limagwira ntchito. Wa zaka 7 amalemba "masamu", ndipo sanalakwe.

## Mphindi zisanu za pakhomo

Ndi ana aang'ono, tinthu ting'onoting'ono ndi timene timaononga. Timapepala ndimadula ndisanalowe m'kalasi. Funso ndimaliwerenga mokweza kawiri, kuti mwana wovutika kuwerenga asalakwe samu chifukwa cha kuwerenga. Zitsanzo za pa bolodi ndimafufuta, ndipo nambala za pa tikiti zimakhala zatsopano. Dzina limalembedwa poyamba, chifukwa kapepala kopanda dzina kamakuuza kuti vuto lilipo koma osakuuza mwini wake. Ndipo ndimawauza kuti asiye ntchito yawo yonse pa kapepalapo, osafufuta. Timizere ta mwana wa 15 tija tinandiuza zambiri kuposa yankho lake.

Chovuta kwambiri ndi kudziletsa kuthandiza. Mwana akakweza dzanja n'kunena kuti "Aphunzitsi, apa nditani?", mtima umafuna kumulozera. Ndimangoti, "Lemba m'mene ukuganizira, ndikufuna ndione maganizo ako." Ukamuthandiza, kapepalako kasonyeza nzeru zako, osati zake.

Palibe mwana amene ndimamutsekera pakhomo chifukwa walakwa kapena sanamalize. Tikiti ndi kupereka kapepala, osati kukhoza. Mwana akangoganiza kuti kulakwa kumutsaliritsa m'kalasi anzake akusewera, mawa aonera kwa mnzake, ndipo milu yako iyamba kunama.

Nanga amene sanayambe kulemba? Ena amaima pakhomo n'kufunsa mwana aliyense pakamwa, mwina kumuonetsa khadi la chilembo kuti atchule liwu lake. Zimatheka, koma werengerani nthawi: masekondi 10 pa mwana, ana 40, ndiye kuti pafupifupi mphindi 7, mzere ukukankhana. Ndiponso wachitatu pa mzere wamva kale yankho kwa woyamba. Ndikafuna njira imeneyi ndimagwira makadi atatu kapena anayi n'kumasinthasintha, ndipo wophonya ndimaika kadontho pa dzina lake pa mndandanda umene uli m'manja. Koma kawirikawiri ndimasankha zojambula: zunguliza, lumikiza ndi mzere, jambula timipira tisanu. Masileti ndi achangu kuposa zonse, onse amakweza nthawi imodzi, koma akafufuta umboni wapita, ndipo m'mawa sukumbukira kuti wa pakona uja analemba chiyani.

Malikisi sindiika. Kapepala kakangokhala ndi malikisi, mwana amayang'ana malikisiwo n'kuyerekeza ndi a mnzake, za kubwereka zathera pomwepo. Nthawi zambiri sindibweza n'komwe timapepalato. Ndimalemba mayina a mulu uliwonse m'kope langa, ndipo yankho langa kwa ana ndi phunziro la mawa. Paul Black ndi Dylan Wiliam, atasanthula kafukufuku wambiri mu 1998, anatsindika mfundo yomweyi: kuyesa ana kumathandiza kuphunzira pokhapokha zimene wapezazo zasintha kaphunzitsidwe. N'chifukwa chake sindipereka tikiti pa phunziro lililonse. Ndikadziwa kuti madzulo sindipeza mpata wosanja, kapena kuti phunziro la mawa silingasunthe zivute zitani, ndi bwino ana atuluke ndi manja awo.

## Zimene kapepala sikanganene

Tsiku la timitengo lija ndinaperekanso tikiti, 63 − 29. Ambiri anapeza 34, ndipo mulu wa otembenuza, amene akanalemba 46, unatsala ndi timapepala titatu. Zinandisangalatsa, koma pang'ono pokha. Tikiti imaperekedwa phunziro lidakali lotentha m'mutu, mawu a mphunzitsi adakali m'makutu. Imakuuza kuti mwana watha kuchita lero. Sikuuza kuti adzatha sabata yamawa. Lamulo lakale lija linakhala m'mutu mwa mwana nthawi yaitali, ndipo likapeza mpata limabwerera, makamaka akatopa kapena akamafulumira.

Choncho funso la mtundu womwewo ndimalibweretsanso patapita masiku angapo, tsiku limene taphunzira zina, popanda chenjezo. Ndimaikanso samu ziwiri pamodzi, ina yobwereka ina yosabwereka, monga 63 − 29 ndi 68 − 25. Chifukwa chake n'choti pambuyo pa phunziro la kubwereka pamabadwa chilema chatsopano: ana ena amayamba kubwereka paliponse, ngakhale pamene sipafunika. Tikiti ya samu yobwereka yokha singawagwire.

Funso limodzi lithanso kunamizira mwana. Wina amakhoza mwamwayi, wina amalakwa chifukwa analemba 6 mozondoka n'kuoneka ngati 9, wina mimba ikumupweteka. Kapepala kamodzi sikokwanira kunena kuti mwana uyu ndi wotsalira. Milu ija ndi ya mawa lokha, ikatha ntchito yake imaphwasulidwa. Ukaisandutsa magulu okhazikika, gulu la anzeru ndi gulu la enawo, ana amazindikira msanga, ndipo a 26 amayamba kudziona ngati a 26 mpaka kalekale.

Tikiti yotsatira pa masamu a kubwereka ndi ya ziro, ndipo ndimaikonzekera ndithu chifukwa imagwetsa ngakhale ena amene anali atakhazikika. Samu yake ndi 60 − 24, yankho 36. Wolemba 44 wati 0 − 4 ndi 4, kutembenuza kuja kwabwerera. Wolemba 40 wati pa ziro palibe chochotsapo, ndiye watsitsa ziroyo. Wolemba 46 wabwereka koma 6 sanamuchepetse. Milu inayi, ndipo m'mawa mwake pa tebulo pamakhala mitolo isanu ndi umodzi yomanga, popanda kamtengo kapadera ngakhale kamodzi.